Manja Awiri a Bambo Bizweki

Ndakhala pakhonde la sitolo ya a Wilisoni ndi mashini anga osokera kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, moti za m'sitolomo ndimazidziwa kuposa za kunyumba kwanga. Telala wa pakhonde amaona munthu kawiri: polowa, nkhope ataikonza, ndi potuluka, ataimasula. A Bizweki, amene ankagulitsa pakauntala, ankaona nkhope zolowa zokha. Zotulukazo zinali zanga, ndipo ndikanakhala munthu wolimba mtima ndikanawauza msanga zimene ndinkaona.

A Bizweki anabadwira kwa Kuntumanji, m'banja la alimi a mpunga, koma khasu silinawakonde ndipo iwonso sanalikakamire. Ali mnyamata anatsikira kudoko la Kachulu n'kuyamba usodzi m'bwato limodzi ndi mnzawo wa pachilumba cha Chisi, Che Bakali. Wina ankapemphera Lachisanu, wina Lamulungu, koma matemba ankagawana mofanana. Nyanja itauma mu 1995 bwatolo linatsala pamatope, Che Bakali anabwerera kukalima pachilumba, ndipo a Bizweki anakapempha ntchito kwa a Wilisoni, amene anali atangotsegula sitolo m'mbali mwa msewu wotsikira kudoko. Anayamba ndi kunyamula matumba a mchere. Patatha zaka ziwiri anawaika pakauntala, ndipo madzi atabwerera m'nyanja iwo sanabwererenso.

Akazi awo anamwalira kalekale. Ana awiri ali ku Joni, amaimba foni pa Khirisimasi netiweki ikalola. Kunyumba kunali mphasa, wailesi ndi nkhuku zinayi. Moyo wawo wonse unali pakauntala paja, chifukwa ndi pamene anthu ankawafunira. Kunena zoona, sanali wogulitsa wochangamuka. Munthu wofuna machesi ankayamba wafotokoza za mwendo wa amayi ake, za mbalame zimene zikutha mpunga kudimba, za mwana amene walephera mayeso, ndiye machesi n'kubwera pambuyo. Mzere unkatalika, ena ankang'ung'udza, koma mawa lake ankabweranso n'kuima mumzere womwewo. Anali mkulu wa mpingo, ankhoswe a mabanja osawerengeka, ndipo pamaliro ambiri a kuno mawu a chipepeso ankalankhula ndi iwo. Chimene sanachitepo pa zaka zonsezo ndi kuuza munthu kuti agulenso china. Wapempha sopo, sopo yemweyo.

A Wilisoni atadwala sitiroko, sitolo anaitenga ndi mwana wawo Sharon, amene anagwirapo ntchito m'sitolo yaikulu ya ku Blantyre. Anthu ankayembekeza mtsikana wonyada wa m'tauni. Anabwera mayi wofatsa, wovala chitenje ngati wina aliyense, koma wa maso akuthwa. Sabata yoyamba ankangokhala pakona n'kumaonerera. Ogulitsa analipo atatu. Leah, mayi wa ana atatu, ankalandira anthu maso ali pafoni, moni wake unali woti, "Chani?" Patrick, bambo wa ndevu amene anachitapo uvenda ku Zomba, sanasiye za pamsika: ankatha kuponyera munthu bisiketi m'jumbo n'kumati, "Tengani basi, ana akakusekererani," mpaka munthu kutuluka atakwiya. Wachitatu anali a Bizweki. Ndipo tsidya la msewu kunali kutatsegulidwa magolosale awiri atsopano.

Ndiye Sharon anayambitsa maphunziro, Lachiwiri lililonse m'mawa asanatsegule chitseko. Patrick anawatcha sukulu ya Sharon, dzinalo n'kukhala. Ine ndinkafika molawirira kudzathira mafuta mashini, ndipo zonse ndinkazimva pazenera. Nthawi zina ankandiitana kuti ndikhale kasitomala woyeserera, ntchito imene ndinkaigwira mokokomeza.

Zimene ankaphunzitsa zinali zanzeru, ndisanamize munthu. Munthu akalowa, siya zimene ukuchita, muyang'ane, mupatse moni. Mumvetsere amalize zimene wabwerera, umupatse zimenezo kaye. Kenako, ngati pali chinthu chogwirizana ndi chimene wagulacho, chitchule, chimodzi chokha: wagula tochi, mufunse ngati mabatire ali nawo, wagula mbedza, mukumbutse za ulusi wa twayini. Utchule mtengo wake asanafunse, kuti asachite manyazi. Umutsegulire njira yokanira, umuuze kuti ngati si lero palibe vuto. Akakana, zatha, umuthokoze ndi nkhope yomwe ija unamulandira nayo. Wooneka wothamanga kapena wachisoni, amene wabwera kudzagula nsalu yoyera ndi misomali, usamuwonjezere chilichonse.

"Ndipo ichi mumvetse," anatero tsiku lina. "Katunduyo musamuchotse pashelefu munthu asanavomere. Mulozeni ali pomwepo. Mukangomuika m'manja mwa munthu, mwamukakamiza kale, olo mawu anu akhale okoma bwanji."

Patrick zinamuvuta kusiya chizolowezi, koma Sharon ankamubwerezetsa mpaka anaphunzira kutseka pakamwa akamva kuti ayi. Leah anandidabwitsa. Foni inalowa m'kabati, ndipo tinazindikira kuti mayiyu ali ndi mano abwino, kungoti tinali tisanawaonepo. Amene anatsalira anali a Bizweki. Za moni Sharon sanawaphunzitse, anangowapempha kuti aziufupikitsa mzere ukatalika. Koma kutchula chinthu chowonjezera kunkawakanika. Tikamayeserera, ine ndikagula shuga, iwo ankaima n'kumandiyang'ana ngati ndawafunsa samu.

"Bambo," anatero Sharon, "si kupemphatu. N'kukumbutsa. Munthu wa pa Chisi akaiwala mabatire, adzawolokanso nyanja chifukwa cha mabatire?"

Mawu amenewo anawalowa. Madzulo tikuweruka anandiuza kuti, "A Dunstan, mwanayu akunena zoona. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwalola anthu kupita ataiwala zinthu." Koma panalinso mantha, amene sanawatchule. Ankaona Leah akuyamikiridwa, ankamva Patrick akuseka kuti akuluakulu sukulu imawavuta, ndipo ankadziwa kuti sitolo siisunga munthu chifukwa cha imvi. Anayamba kuloweza mawuwo popita kunyumba, akukankha njinga yawo.

Anaphunziradi. Chinthu chimodzi chokha, chogwirizana, mtengo n'kuutchula, mawu otsegula njira n'kuwanena mofatsa. Lamulo limodzi lokha ndi limene thupi lawo linakana. Kuloza chinthu ndi chala, munthu ataima patsogolo pawo ngati mlendo, kwa iwo kunali kupanda mwambo. Ankatembenuka, n'kutsitsa chinthucho pashelefu, n'kuchipukuta fumbi ndi kansalu, n'kuchipereka ndi manja awiri, mutu atawerama pang'ono, monga anaphunzitsidwira kwawo kupereka kanthu kwa munthu. Kenako ankanena bwinobwino kuti, "Koma ngati si lero, palibe vuto."

Tsopano tandiuzani, ndani kuno angabweze chinthu chimene mkulu wa mpingo, nkhoswe ya ukwati wake, wamupatsa ndi manja awiri? Munthu ankalandira ndi manja awirinso, amayi mpaka kupinda mawondo, ndipo chinthu chikalandiridwa motero sichibwereranso pashelefu. Sharon anaona kangapo n'kuwakumbutsa. Iwo ankavomera, masiku awiri n'kumaloza monyinyirika, lachitatu manja n'kubwerera mwakale. Ndipo popeza katundu ankayenda kwambiri pakauntala pawo kuposa pa anzawo, ndiponso palibe kasitomala anadandaulapo, Sharon anaganiza kuti mwina kwa munthu wofatsa chotero lamulolo silofunika kwenikweni. Apo ndi pamene analakwitsa iye. A Bizweki anayamba kuyenda mowongoka, mpaka anandisoketsa malaya atsopano.

Madandaulo analipo, kungoti ankathera pakhonde langa. Munthu ankatuluka ndi botolo la mafuta odzola limene sanalifune, n'kuima pafupi ndi mashini anga, n'kulitembenuza, n'kupuma mozama. "Abambowa masiku ano," ankatero, osamaliza. Ine ndinkaseka nawo. Ndinkaona ngati nkhani yocheza.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mayi Zuhura, mkazi wamasiye wa Che Bakali. Mwamuna wake anamwalira zaka zisanu zapitazo, ndipo a Bizweki ndi amene anawoloka ndi thumba la mpunga kukapepesa. Mayiyu ankawatchula kuti alamu. Tsikulo anatsika boti la m'mawa akuthamangira kuchipatala, kumene mwana wake Fadila anali kuchidikiro, mimba yoyamba. Anauza wakabaza kuti amudikire pakhonde, n'kulowa kukagula lezala, ulusi, sopo ndi pepala lakuda la pulasitiki loyala pobereka.

A Bizweki anasangalala kumva kuti mnzawo malemu akhala ndi mdzukulu. Anamupatsa zonse zimene anapempha. Kenako ndinawamva akuti, "Alamu, nanga beseni? Kuchipatala amafunatu beseni." Anatsitsa lobiriwira, lalikulu bwino, analipukuta mkati ndi kunja, n'kulipereka. Mtengo anautchula. Mawu aja anawanenanso. Mayi Zuhura anagwada pang'ono n'kulandira.

Atatuluka anakhala pabenchi langa. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, anayang'anamo, anamanganso. Kenako anauza wakabaza uja kuti apite, wasintha maganizo, akufuna awongole miyendo. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu, wa miyendo yotupa, kuwongola miyendo masana a Okutobala.

"Beseni munalibe, mayi?" ndinafunsa.

"Lilipo. Ndinakalisiya kuchipatala sabata yatha."

"Nanga bwanji osawauza?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anaika katundu wake m'beseni latsopanolo, anasenza, n'kuuyamba msewu. M'thumba mwanga munali ndalama yokwanira kabaza, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anazimiririka pa mitengo ya mango. Sindinadzuke. Ndinadziuza kuti achita manyazi ndikamupatsa, koma zoona zake n'zakuti ndinaumira, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tinamva pambuyo pake kuti anafika dzuwa litapendeka, n'kupeza Fadila atachira kale, yekha, popanda mayi ake pafupi. Mwana anabadwa bwino, wamkazi. Palibe amene anamwalira, palibe amene anakalipira mnzake. Koma nkhani ya beseni inayenda m'maboti ndi m'madimba, ndipo anthu amene aliyense ankaganiza kuti zimamuchitikira yekha anazindikira kuti ali ambiri.

Kuno munthu wamkulu sauzidwa kuti walakwa. Amangomupatuka. Khonde langa linayamba kudzaza chakumasana. Amayi ankabwera kudzafunsa mtengo wosokera diresi limene analibe, abambo ankakhala pabenchi kukamba za mpira, onse maso akuponya pazenera. Nthawi ikakwana twelofu, a Bizweki ankavula epuloni, n'kutuluka, n'kupereka moni kwa aliyense ndi dzina lake, n'kukwera njinga kupita kukadya. Akangokhota pa chigayo, khonde lonse linkakhuthukira m'sitolo. Kwa Leah ankakana momasuka. "Iyayi mwanawe, lero ayi," Leah n'kuseka, n'kuthokoza. Ena sankadikira n'komwe, ankangowolokera kumagolosale a tsidya.

Sharon anazindikira pasanathe mwezi. Anabwera kudzakhala pabenchi langa n'kundifunsa molunjika, ndipo ndinamuuza zonse, za beseni zomwe. 

"Ndinaona manja aja," anatero. "Ndinasiya dala."

Lachiwiri lotsatira anayesa kukonza popanda kuchititsa munthu manyazi. Ananena kuti ntchito azigawana: a Bizweki azilandira anthu ndi kuwapatsa zimene apempha basi, monga kale, zokumbutsa azichita Leah ndi Patrick. Anawonjezeranso phunziro limene ku Blantyre sanaliphunzire, loti wogulitsa azidzifunsa kaye ngati munthu amene ali patsogolo pakeyo angathe kumukanira. A Bizweki anamva ngati awatsitsa. Anafunsa ngati alakwitsa mawu ena, Sharon anati ayi, mawu onse anali bwino. Sananame, komanso sanawauze.

A Bizweki anamvera. Anabwerera ku sopo yemweyo. Koma anthu sanadziwe kuti zasintha, ndipo amene anamva sanakhulupirire. Moni wawo womwe uja, umene kale anthu ankauimira pamzere, tsopano unkamveka ngati chiyambi cha chinachake. Munthu ankayankha mwachidule, dzanja lili pathumba, maso ali kukhomo. M'mawa wonse a Bizweki ankaima pakauntala yopanda anthu, akupukuta sikelo yoyera kale. Ankandiuza kuti chaka chino anthu alibe ndalama, nyanja yaphwa kwambiri. Ine ndinkavomereza.

Tsiku lina mu Disembala tcheni cha njinga yawo chinaduka asanafike pa chigayo, ndipo anabwerera akuikankha. Anapeza khonde lopanda munthu koma ine, m'sitolo mutadzaza, phokoso ndi kuseka ngati kale. Ataima pakhomo phokosolo linazima. Wina anayamba kuwerenga zolemba pa paketi ya mchere. Pakati pa anthuwo panali mayi Zuhura, amene a Bizweki anali asanamuone chiyambire Okutobala, ngakhale kuti ine ndinali nditamuona kanayi.

A Bizweki sanalowe. Anakhala pabenchi langa, manja akuda ndi girizi, n'kudikira. Anthu ankatuluka mmodzimmodzi, aliyense n'kupereka moni waulemu kwambiri. Mayi Zuhura atatuluka anagwada patali pang'ono.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Mdzukulu ali bwanji? Ndimangomva kwa anthu."

"Ali bwino, akukula."

"Mumabwera nthawi ino masiku onse?"

Mayiyo anayang'ana pansi. A Bizweki anatembenukira kwa ine, ndipo ine, wolongolola wa pakhonde, ndinaweramira mashini. Ndiye anamufunsanso iyeyo, mofatsa, kuti awauze chimene anamulakwira. Anawauza, mawu ochepa, mopepesa ngati wolakwa ndi iye: za beseni limene linalipo kale, za kabaza, za Fadila.

"Koma ndinanenatu kuti ngati si lero palibe vuto," anatero a Bizweki. "Ndinanena, eti a Dunstan?"

"Munanena," ndinayankha.

"Munanenadi, alamu," anatero mayi Zuhura. "Koma munali mutandipatsa kale. Akanakhala Leah ndikanabweza. Inuyo ndingakubwezereni bwanji? Munatiikira bambo a Fadila m'manda."

A Bizweki anagwedeza mutu kangapo. Sanadzikanire, sanakwiye. Anafunsa ngati boti la masana likadalipo, mayiyo anati lilipo, ndipo anamuuza kuti afulumire lingamusiye. Atapita, anandifunsa funso limodzi lokha, kuti ine ndinadziwa liti. Ndinati Okutobala. Anati, "Oho," n'kudzuka kukasamba m'manja. Akanandilalatira bwenzi zili bwino.

Mawa lake anapempha Sharon kuti awasamutsire kuchipinda cha katundu, kuseri kwa mashelefu. Sharon anakana, anawachonderera, anati cholakwa chinali chake, anati anthu aiwala pakapita nthawi. Iwo anati msana wayamba kuwavuta kuima tsiku lonse. Aliyense ankadziwa kuti kuchipindako ntchito yake ndi yonyamula makatoni, koma palibe anatsutsa.

Papita chaka ndi miyezi. Sukulu ya Lachiwiri ikupitirira, ndipo Sharon akamaphunzitsa za kusachotsa katundu pashelefu salolanso kuti wina aliphwanye, kaya ndi wofatsa chotani. Satchula dzina la munthu. Sitolo ikuyenda bwino, anthu amalowa nthawi iliyonse, khonde langa labwerera kukhala la telala. A Bizweki amalowera khomo la kumbuyo m'mawa, amatulukira komweko madzulo. Amatsegula makatoni, amapima shuga ndi mchere m'timapepala, amathamangitsa makoswe. Aonda. Ine amandipatsa moni tikakumana, moni wabwino, koma pabenchi langa sanakhalenso.

Pakati pa kauntala ndi chipinda chawo pali katani chabe, imene ndinasoka ndine, moti mawu onse a m'sitolo amawamva. Sabata yatha mayi Zuhura anabwera ndi mdzukulu kumbuyo, wayamba kale kuyenda. Ndinali mkati kudzagula ulusi. Anagula sopo, Leah anamukumbutsa za mafuta a mwana, iye anakana, onse anaseka. Akumanga katundu wake anafunsa kuti, "Alamu aja ali bwanji masiku ano?"

"Alipo, ali kuseriku," anatero Leah. "Ndiwaitane adzaone mwana?"

Kuseri kwa katani phokoso la sikelo linasiya. Pansi pa nsaluyo ndinaona nsapato zawo zitafika pafupi, zitaima.

"Iyayi, musawavutitse, ali pantchito," anatero mayi Zuhura. "Mungowapatsira moni."

Anakonza mwana kumbuyo n'kutuluka. Nsapato zija zinaima pamenepo kanthawi, kenako zinabwerera mkati.